Chidziwitso cha Masiku Otseka pa Khirisimasi: Kalembedwe Kosasocheretsa Kasitomala

Chidziwitso cha kusintha kwa nthawi yotsegulira ndi mawu ochepa amene mwini bizinesi amamata pachitseko, kapena kulemba pansi pa chithunzi pa WhatsApp ndi pa Facebook, nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ikayandikira. Ntchito yake ndi kuyankha funso limodzi lokha limene kasitomala ali nalo mumtima: akabwera tsiku lakutilakuti, nthawi yakutiyakuti, kodi adzapeza kotsegula? Chidziwitso chikalephera kuyankha funso limeneli mosasiya chikayiko, ndiye kuti chalephera ntchito yake yonse, ngakhale chikhale chaulemu kapena chokongoletsedwa ndi maluwa ndi mabelu.

Vuto lalikulu limachokera poti wolemba amadziwa kale zimene akufuna kunena. Iye akamawerenga mawu ake, mutu wake umadzaza mipata yonse, ndipo zonse zimaoneka zomveka. Kasitomala alibe mwayi umenewo. Amawerenga ali pa kabaza, kapena atanyamula mwana, mwina patatha masiku awiri chilembedwereni uthengawo, mwinanso atachita kutumiziridwa ndi mlamu wake amene naye anautola pagulu lina. Chidziwitso chabwino chimalembedwera munthu ameneyo, osati wa mumsewu womwewo amene angathe kusuzumira pawindo n'kufunsa.

Nkhaniyi imamveka bwino ikaonedwa pa chitsanzo chimodzi. Chitsanzocho ndi sitolo yongoyerekeza ya a Uje, yogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda pa Mponela, m'boma la Dowa. Masiku wamba imatsegula 7:30 m'mawa n'kutseka 5 koloko madzulo kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Loweruka imatseka 1 koloko masana, ndipo Lamulungu satsegula. Kumapeto kwa Disembala ndi nthawi imene alimi ambiri a m'chigawo chapakati amafunafuna feteleza wobereketsa, ndipo mlimi wochokera kutali amalipira kabaza popita ndi pobwerera. Akapeza loko pachitseko, wataya ndalama ya ulendo, wataya tsiku limene akanapalira, ndipo mwina chinyontho chimene amafuna kuthirira fetelezayo chimupita. Kwa sitolo ngati imeneyi, mzere umodzi wolembedwa mosasamala umapweteka munthu weniweni.

Mu 2025, tsiku la Khirisimasi linali Lachinayi. Mwini sitoloyo akonza zoti Lachitatu pa 24 Disembala agwire mpaka 12 koloko masana, pa 25 ndi pa 26 asatsegule, Loweruka pa 27 atsegule monga mwa masiku onse. Kenako Lachitatu pa 31 aweruke masana, pa 1 Januwale asatsegule, ndipo pa 2 Januwale akhale mkati ndi anyamata ake akuwerengera katundu, chitseko chili chotseka. Dongosolo lake n'lomveka. Koma madzulo a Lachiwiri pa 23 Disembala, iye aika chithunzi cha matumba a feteleza pa Status ndi mawu awa:

"Okondedwa makasitomala athu onse, tikukufunirani Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano chodzaza ndi madalitso. Tikudziwitseni kuti mawa titseka chifukwa cha holide mpaka pa 27. Chaka chatsopano tidzagwira theka la tsiku. Zikomo."

Uthengawu ndi waulemu, ndipo palibe bodza mmenemo. Komabe pafupifupi chiganizo chilichonse chingamveke pawiri.

Mawu oyamba okayikitsa ndi "mawa". Mawa ndi tsiku lotsatira tsiku limene munthu akuwerenga, osati limene wolemba analemba. Status ya WhatsApp imakhalapo maola 24, motero amene waiona m'mawa wa pa 24 adzaganiza kuti "mawa" ndi pa 25. Wina akaijambula n'kuitumiza pagulu la mpingo kapena la kalabu ya alimi, tsiku limene inalembedwa limasoweratu. Pa Facebook namonso uthenga umatha kumufika munthu patapita masiku. Chichewa chimawonjezera msampha wina: "mawa" ndi "m'mawa" amasiyana pang'ono kwambiri polemba, ndipo anthu ambiri polemba pafoni sasamala za kachizindikiro ka pamwambako. "Titseka mawa" ndi "titseka mmawa" ndi nkhani ziwiri zosiyana, koma diso lothamanga silizilekanitsa. "Dzulo" ndi "madzulo" nawonso ali chimodzimodzi. Mawu onse odalira tsiku lowerengera, monga lero, mawa, mkuja, sabata ino ndi sabata yamawa, alibe malo m'chidziwitso chotere. M'malo mwake pamafunika dzina la tsiku ndi deti lake.

Mawu akuti "titseka" ali ndi matanthauzo awiri pa malonda. Sitolo imatseka tsiku lililonse ikakwana nthawi yoweruka, ndipo imatsekanso ikakhala kuti sinatsegule n'komwe. A Uje amatanthauza kuti pa 24 aweruka msanga. Mlimi amene wamva kuti tsiku lonse kulibe malonda akhala kunyumba, pamene m'mawa wonsewo feteleza analipo. Wina amva kuti atseka madzulo monga mwa masiku onse ndipo holide iyambira pamenepo, choncho afika 3 koloko n'kupeza mlonda yekha. Mawu akuti "titseka" amamveka bwino pokhapokha akatsatiridwa ndi ola: "titseka 12 koloko masana". Tsiku limene sitolo sitsegula konse lili ndi mawu akeake, "kotseka tsiku lonse".

Pali chinanso pa mawu awiriwa chimene olemba ambiri sachiona. "Tidzatseka" ndi "tidzatsegula" amayamba ndi zilembo zisanu ndi zitatu zofanana, ndipo kusiyana kuli kumapeto kwenikweni. "Sitidzatsegula" amasiyana ndi "tidzatsegula" pa zilembo ziwiri zoyambirira basi. Disembala ndi mwezi wa mvula. Pepala lomatidwa panja likanyowa m'mphepete, kapena selotepi ikaphimba "si", chidziwitso chimanena zotsutsana ndi zimene chinalembedwera. Njira yopewera zimenezi ndi kusiyanitsa maonekedwe a mizere. Tsiku lotseka lilembedwe ndi mawu amodzi a zilembo zazikulu, KOTSEKA. Tsiku lotsegula lilembedwe ndi manambala a maola. Munthu akaona manambala amadziwa kuti kuli malonda, akaona mawu aakulu amadziwa kuti kulibe, ngakhale asanawerenge bwinobwino.

Msampha waukulu kuposa yonse ndi "mpaka". Akuti titseka mpaka pa 27: kodi pa 27 ndi tsiku lomaliza kutseka, kapena tsiku lotsegulanso? Anthu awiri olankhula Chichewa chobadwa nacho angatsutsane pa funsoli mpaka dzuwa kulowa, ndipo onse angakhale akulondola. Munthu akati "ndikhala kumudzi mpaka Loweruka", ena amamuyembekezera Loweruka lomwelo, ena Lamulungu. Pa nkhani ya a Uje kulakwitsa kwake n'kwakukulu, chifukwa pa 28 ndi Lamulungu. Amene wamva kuti pa 27 n'potsekabe adzadikira mpaka Lolemba pa 29, masiku awiri osafunikira, chimanga chikuchita chikasu m'munda. Mawuwa savuta akakhala pa maola, popeza ola ndi kamphindi kamodzi: "mpaka 12 koloko" palibe angakayike. Amavuta akakhala pa madeti, chifukwa tsiku lili ndi chiyambi ndi mapeto, ndipo "mpaka" sanena kuti akuima pa chiti. Ena amawonjezera kuti "mpaka pa 26, tsikulo likuwerengedwa", koma mawu otere amafuna kuganizira kawiri. Chosavuta ndi kutchula masiku otseka limodzilimodzi, kenako n'kunena poyera tsiku ndi ola lotsegulanso. Mzere wa "titsegulanso" ndi umene uli wofunika kwambiri m'chidziwitso chonse, pakuti ndi umene kasitomala angagwirepo ntchito. Kudziwa kuti kwatsekedwa kumangomuletsa kunyamuka. Kudziwa tsiku lotsegulanso kumamuuza tsiku lokonzekera ulendo.

Chiganizo chomaliza cha uthenga uja chili ndi zokayikitsa ziwiri. "Chaka chatsopano" ndi pa 1 Januwale, koma ambiri akamakamba za Nyuwere amaphatikizapo usiku wa pa 31 Disembala, pamene anthu amachezera m'matchalitchi ndi m'malo azisangalalo kudikira kuti chaka chilowe. A Uje amanena za pa 31. Wowerenga angabwere pa 1. Ndipo "theka la tsiku" si nthawi. Kwa wina ndi 12 koloko, kwa wina 1 koloko monga Loweruka, kwa wina 2 koloko. Za pa 2 Januwale, tsiku lowerengera katundu, uthengawo sunanene kanthu, pamene ndi tsiku limene lingapusitse anthu ambiri chifukwa si tchuthi cha boma ndipo masitolo oyandikana nawo adzakhala otsegula. Tsiku lotseka limene anthu sakuliyembekezera ndi limene limafunika kulengezedwa mwamphamvu. Za pa 25 Disembala ambiri amadziganizira okha.

Pomaliza, mafuno abwino atenga mizere yoyamba. Ulemu ndi chinthu chabwino, ndipo kasitomala wa pa Mponela angadabwe ndi chidziwitso chouma chopanda ngakhale zikomo. Koma mawu a pansi pa chithunzi akatalika, foni imaonetsa mizere yoyamba yokha, yotsalayo n'kubisika kuseri kwa "Read more" kapena "See more", ndipo si onse amene amadinapo. Amene waona mafuno a Khirisimasi okha amapitirira, poganiza kuti ndi uthenga wa chikondwerero ngati ena onse amene adzaza foni yake sabata imeneyo. Mafuno abwino malo ake ndi kumapeto, mzere umodzi. Pamwamba pamafunika dzina la sitolo ndi malo ake, zimene uthenga uja unalibe. Pa Status dzina la mwini foni limaoneka, koma uthenga ukangokoperedwa kupita kwina, "titseka" sadziwikanso kuti ndi ndani.

Zonsezi zikakonzedwa, chidziwitso chimaoneka chonchi:

Sitolo ya a Uje, Mponela. Nthawi za Khirisimasi 2025
Lachitatu 24 Disembala: 7:30 m'mawa mpaka 12:00 masana
Lachinayi 25 Disembala: KOTSEKA
Lachisanu 26 Disembala: KOTSEKA
Titsegulanso Loweruka 27 Disembala: 7:30 m'mawa mpaka 1:00 masana
Lamulungu 28 Disembala: KOTSEKA
Khirisimasi yabwino kwa inu nonse.

Tsiku lililonse lili ndi mzere wake, ndipo masikuwo akutsatana monga pa kalendala, popanda kudumpha. Lamulungu lalembedwa ngakhale kuti sitoloyo siitsegula Lamulungu lililonse, chifukwa pa nyengo imene zinthu zasintha, kasitomala sangadziwe ngati mwambo wa masiku onse ukugwirabe ntchito. Mpata uliwonse umene watsala m'ndandanda, wowerenga amaudzaza ndi zimene iye akufuna. Pa chifukwa chomwecho maola a Loweruka alembedwa onse, m'malo mongoti "nthawi ya masiku onse". Kasitomala wokhazikika amaidziwa nthawiyo, koma Khirisimasi imabweretsa alendo: ana a m'tauni amene abwera kudzacheza kumudzi ndipo akufuna kugulira makolo awo thumba la feteleza asanabwerere. Iwo sadziwa kuti sitoloyo imaweruka 1 koloko Loweruka.

Za Chaka Chatsopano zasiyidwa dala. Zikanaikidwa pamodzi, mizere ikanapitirira khumi, ndipo diso likanayamba kusochera pakati pa Lachitatu awiri ndi Lachinayi awiri. Papepala lalikulu la pachitseko masabata onse awiri angakwane, atagawidwa m'zigawo ziwiri zokhala ndi mitu. Pafoni ndi bwino kutumiza chachiwiri pachokha Khirisimasi ikangodutsa, m'kalembedwe komweko: Lolemba 29 ndi Lachiwiri 30 Disembala ndi maola ake onse, Lachitatu 31 mpaka 12:00 masana, Lachinayi 1 Januwale 2026 KOTSEKA, Lachisanu 2 Januwale KOTSEKA, tikuwerengera katundu, ndipo titsegulanso Loweruka 3 Januwale 7:30 m'mawa. Chifukwa chotsekera chatchulidwa pa 2 Januwale pokha. Pamenepo chili ndi ntchito, popeza anthu adzaona magetsi akuyaka ndi anyamata akuyendayenda mkati, ndipo popanda kufotokoza adzayamba kugogoda.

Dzina la tsiku ndi deti zimayendera limodzi pa zifukwa zingapo. Anthu ambiri amakonza zochita zawo potengera dzina la tsiku, monga tsiku la msika kapena la mapemphero, ndipo deti saliganizira kwenikweni. Ena, makamaka apantchito, amayendera deti. Zikalembedwa zonse ziwiri, aliyense amapeza chake, ndipo chimodzi chimatsimikizira chinzake. Koma phindu limeneli limasanduka chisokonezo zikatsutsana. Izi zimachitika kawirikawiri mwini sitolo akatenga chidziwitso cha chaka chatha n'kusintha chaka chokha. Mu 2024 Khirisimasi inali Lachitatu, mu 2025 Lachinayi, ndipo mu 2026 ndi Lachisanu. Chidziwitso chonena kuti "Lachitatu 25 Disembala 2025" chimasiya kasitomala akusankha yekha chimene akhulupirire. Mzere uliwonse uyenera kuyerekezedwa ndi kalendala, chala chili pa detilo. Kulemba chaka nakonso kuli ndi phindu lake: zithunzi za chaka chatha zimakhalabe m'mafoni a anthu, ndipo zimatha kuyambanso kuzungulira Disembala akafika.

Mayina a masiku m'Chichewa ali ndi manambala mkati mwake, ndipo zimenezi zimafuna chisamaliro. Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu amamveka ngati kuwerenga. "Lachisanu pa 2" kapena "Lachiwiri pa 5" amatha kusokoneza munthu amene akuuzidwa pakamwa, n'chifukwa chake dzina la mwezi liyenera kutsatira deti nthawi zonse. Lachitatu ndi Lachisanu amafanananso pamaso, motero kuwafupikitsa kukhala "Lachi." kapena "La3" n'kudzipalira mavuto. Dzina la tsiku lomaliza sabata nalonso n'lofunika kusankha bwino. Ambiri amati "Lasabata" kapena "pa Sabata" potanthauza Lamulungu, koma kwa a mpingo wa Seventh-day Adventist Sabata ndi Loweruka. Komanso "sabata" ndi mlungu wonse wa masiku asanu ndi awiri, kotero "kotseka sabata" angamveke patatu. "Loweruka" ndi "Lamulungu" sasokoneza aliyense.

Madeti a manambala okhaokha, monga 2/1 kapena 02/01/26, ndi oyenera kupewa. Kuno ambiri amayamba ndi tsiku kenako mwezi, koma mafoni ndi makompyuta ena amatsata kalembedwe ka ku America koyamba ndi mwezi, ndipo maso a anthu azolowera kuona zonse ziwiri. Pa 25/12 palibe vuto chifukwa kulibe mwezi wa 25. Vuto lili kumayambiriro kwa Januwale, pamene 2/1 angakhale 2 Januwale kapena 1 Febuluwale, ndipo ndi pomwepo pamene pamakhala tsiku lotsegulanso.

Maola nawo amafuna mawu owaperekeza: m'mawa, masana, madzulo, usiku. Pa sitolo ya feteleza palibe angaganize kuti 12 koloko ndi pakati pa usiku, koma pa malo odyera, pa malo omwetsera mafuta kapena pogulitsira mankhwala, pa 31 Disembala, "titseka 12 koloko" ndi mawu okayikitsa zedi. Zilembo za a.m. ndi p.m. sizithandiza pamenepa, chifukwa 12 p.m. imasokoneza ngakhale odziwa Chingelezi. "12:00 masana" ndi "12:00 usiku" amamveka kwa aliyense. Mabizinesi a m'malire, monga ku Mchinji kufupi ndi Chipata kapena ku Dedza ndi ku Mwanza kufupi ndi Mozambique, ali ndi makasitomala ozolowera kuwerenga maola mpaka 24, amene 2 koloko masana amati 14. Kwa iwo "2:00 masana" imamvekabe bwino. Chosafunika ndi kusakaniza njira ziwirizi m'chidziwitso chimodzi. M'malo omwewo mawu akuti "titseka pa masiku a tchuthi cha boma" sakwanira, popeza pa 26 Disembala ndi tchuthi ku Malawi koma osati ku Zambia kapena ku Mozambique. Ngakhale mkati mwa Malawi mawuwa amasiya funso, chifukwa tchuthi chikagwera Loweruka kapena Lamulungu boma limachisunthira ku tsiku lantchito lotsatira. Mu 2026 pa 26 Disembala ndi Loweruka, ndipo kasitomala adzafuna kudziwa za Lolemba pa 28. Sitolo iyenera kunena zimene iyo idzachite tsikulo, m'malo momutumiza munthu kukafufuza kalendala ya boma.

Mabizinesi ena ali ndi nthawi ziwiri: yotseka chitseko ndi yosiya kulandira ntchito. Chigayo ndi chitsanzo chabwino. Pa 24 Disembala mzere wa matumba ndi madengu umatalika, ndipo ngati chigayo chizimitsidwa 12 koloko, mayi amene wafika 11:50 ndi ndowa ziwiri za chimanga chofuna kukonola ndi kugaya sangathandizidwe. Iye wawerenga molondola, wafika nthawi isanakwane, koma abwerera ndi chimanga chake pamutu. Chidziwitso cha malo otere chizinena nthawi imene ikumukhudza kasitomala: "Timaliza kulandira chimanga 11:00 m'mawa." Chimodzimodzi saluni, telala amene ali ndi zovala za Khirisimasi zoti anthu atenge, ndi wokonza mafoni. Kwa telala mzere wofunika kwambiri ndi wakuti zovala zosokedwa zitengedwe lisanafike ola lakuti pa deti lakuti, chifukwa diresi la mwana likatsekeredwa m'shopu pa Khirisimasi palibe kupepesa kumene kungakonze. Bizinesi ya nthambi zingapo itchule nthambi iliyonse ndi maola ake, kapena inene poyera kuti nthambi zonse zikutsata ndandanda imodzi.

Malo amene mawuwa alembedwa amafunanso kuganizira. Ambiri amapangitsa chithunzi chokongola, maola onse ali mkati mwake, pansi pake n'kungolemba kuti "Onani nthawi zathu". Koma anthu ambiri amazimitsa zoti zithunzi zizitsika zokha pofuna kusunga bandulo, ndipo kumene netiweki ndi yofooka chithunzi chimangokhala chimbuuzi. Mawu wamba amafika ngakhale pamene chithunzi chakanika. Choncho ndandanda yonse ilembedwe m'mawu a pansi pa chithunzi, ndipo ngati ilinso m'chithunzimo, ziwirizo zifanane ndendende. Kwa makasitomala a mafoni a mabatani pamafunika uthenga wa SMS, umene umodzi umanyamula zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe. Chidziwitso cha a Uje chimakwana chikafupikitsidwa motere:

"Sitolo ya a Uje, Mponela: Lachitatu 24 Disembala titseka 12 masana. 25 ndi 26 Disembala KOTSEKA. Titsegulanso Loweruka 27 Disembala 2025, 7:30 m'mawa."

Uthengawu uli ndi zilembo pafupifupi 150. Koma mukalowa kachithunzi kamodzi ka mtengo wa Khirisimasi, kapena chilembo cha ŵ, malire a uthenga umodzi amatsika kufika pa zilembo 70, ndipo uthengawo umagawika zidutswa zimene zimadya mayunitsi ambiri. Pa SMS zokongoletsa n'zosafunika.

Chidziwitso chisanatuluke chiyenera kuyesedwa pa munthu amene sanamve dongosololi, monga mwana wa sukulu wa pakhomo kapena mayi wogulitsa mandasi pakhonde. Kumufunsa kuti "zamveka?" sikuthandiza, chifukwa mwa ulemu aliyense amayankha kuti eya, makamaka ngati wofunsayo ndi bwana. Afunsidwe mafunso ofuna yankho lenileni: Lachisanu kudzakhala kotsegula? Munthu akafika 2 koloko Loweruka adzagula? Akaphonya Lachitatu, abwerenso liti? Akazengereza, kapena akabwerera pamwamba kukawerenganso, ndiye kuti mzere umenewo uli ndi vuto, ndipo wofunika kukonzedwa ndi mzerewo, osati wowerengayo. Chidziwitso chikatuluka, zizindikiro za kulephera kwake siziwonekera mochedwa. Anthu atatu akaimba foni kufunsa funso limodzimodzi, yankho la funsolo likusowa kapena labisika. Mlonda nayenso ndi mboni yabwino: amadziwa kuti ndi anthu angati anabwera pa tsiku lotseka ndiponso zimene ananena atapeza loko. Iye ndi ogwira ntchito onse ayenera kupatsidwa ndandanda yomweyo, chifukwa kasitomala amakhulupirira pakamwa pa mnyamata wa pakauntala kuposa pepala, ndipo mnyamatayo akanena zosiyana, pepalalo latha ntchito.

Nthawi yabwino yomata pepala pachitseko ndi sabata yathunthu tsiku loyamba losintha lisanafike, kuti amene amabwera kamodzi pa sabata, pa tsiku la msika, alione. Lilembedwe ndi cholembera chakuda chachikulu, limatidwe mkati mwa galasi kapena m'pepala la pulasitiki, pamalo amene limaonekabe chitseko chachitsulo chikatsekedwa. Pepala lomatidwa pa kauntala limathandiza okhawo amene alowa, pamene wolifunitsitsa ndi amene waima panja. Pa Status uthenga ubwerezedwe masiku angapo, popeza umazimiririka tsiku likatha, ndipo poti mulibe "mawa" kapena "lero", mawu omwewo angatumizidwe osasintha kanthu.

Dongosolo likasintha chidziwitso chitatuluka kale, mwachitsanzo galimoto ya feteleza ikafika mochedwa ndipo mwini sitolo waganiza zotsegula Lachisanu pa 26, kuyankha pansi pa uthenga wakale sikukwanira. Wakalewo ufufutidwe, pepala lichotsedwe, ndipo watsopano uyambe ndi mawu akuti ZASINTHA ndi deti la tsiku limene walembedwa, kenako ndandanda yonse kuyambira pamwamba, osati mzere wosinthawo wokha. Amene ali ndi mauthenga onse awiri m'foni adzadziwa wotsatira. Pali tchuthi china chimene deti lake silidziwika motsimikiza pasadakhale, monga Idi ya kumapeto kwa Ramadani, imene imadalira kuoneka kwa mwezi. Pamenepo chidziwitso chitchule masiku awiri amene tchuthicho chingagwere, chinene kuti limodzi mwa iwo kudzakhala kotseka, ndipo chitchule tsiku limene sitolo idzakhale yotsegula zivute zitani.

Nyengo ikatha, pepala lichotsedwe m'mawa wa tsiku lotsegulanso. Pepala lolembedwa KOTSEKA likatsala pachitseko, munthu wodutsa pa njinga amaona mawu aakuluwo n'kupitirira osawerenga madeti. Pa sitolo ya a Uje, la Chaka Chatsopano lichoke Loweruka pa 3 Januwale, ndipo pofika pa 8 Januwale pamalo omwewo pakhale lina lonena za Lachinayi pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira John Chilembwe, ngati sitoloyo idzatseke kapena kusintha maola tsiku limenelo.